Mchimwene akugula golide pang'onopang'ono ku Joni, timulangize bwanji?

Abale, ndithandizeni maganizo. Mng'ono wanga wa kuno ku Mchinji amagwira ntchito ya m'munda wa maluwa ku Johannesburg. Anasiya kutumiza ndalama zonse kumudzi, mwezi uliwonse amagula kachidutswa ka golide ka galamu imodzi.

Poyamba ankafuna kugulitsa msanga mtengo ukangokwera. Atafunsa kusitolo, anapeza kuti amagula pamtengo wotsika kuposa umene iwo amagulitsira, ndiye kugulitsa lero n'kuluza. Tizidutswa ta galamu imodzi timakhalanso todula pa galamu poyerekeza ndi zazikulu, chifukwa cha mtengo wopangira ndi wopakira. Pano wafatsa, akuti adikira zaka, ndipo malisiti ndi mapepala ake amasunga osatsegula paketi.

Funso langa ndi ili: kodi si bwino azisunga ndalamazo miyezi ingapo kenako n'kugula Krugerrand yaing'ono, ndalama yachitsulo ya golide ya ku South Africa, ija ya gawo limodzi mwa magawo 10 a aunsi, pafupifupi magalamu 3.1 a golide? Chinanso, amakhala m'chipinda cha lendi ndi anzake, zimene sizikundisangalatsa. Amene munasungapo golide kunjako, mumaika kuti? Nanga pobwera naye kuno, pa Mwanza kapena pa Dedza amafuna mapepala anji?