Thandizeni: ndikafuna kuonetsa masaya ndi nsagwada, nkhope ikuoneka ngati munthu wamenyedwa

Wobisa dzina: Abale anga, ndasowa mtengo wogwira. Ndinajambula mayi wina zithunzi zoti aike pa tsamba la bizinesi yake. Anabwera mochedwa ndi maola awiri, wasintha maganizo katatu pa zovala, ndipo mpaka pano sanamalize kulipira. Laputopu yanganso ikungotentha. Tsopano akuti nkhope yake ikuoneka yozungulira kwambiri, akufuna masaya ndi nsagwada zioneke bwino, koma wakanitsitsa kuti ndisamusinthe nkhope. Nkhani ya Liquify sakufuna kuimva n'komwe, poti wojambula wina anamuchepetsa chibwano mpaka mchemwali wake sanamuzindikire. Ndiye ndayesa doji ndi beni mu Photoshop, kuwalitsa pamwamba pa tsaya ndi kudetsa m'munsi mwake. Zotsatira zake n'zomvetsa chisoni. Masaya akuoneka ngati apakidwa makala, pamene ndawalitsa patuwa ngati phulusa. Ndakhala usiku wonse. Ndikulakwitsa pati?

Wakale pa Kamera: Mukulakwitsa pa kamera, achimwene, osati pa kompyuta! Ana a masiku ano mukufuna kujambula mwachisawawa kenako kompyuta ikukonzereni. Mukanaika nyale m'mbali, pamwamba pang'ono pa maso ake, mthunzi ukanagwera wokha pansi pa tsaya ndi pansi pa chibwano. Ife doji ndi beni tinkachita m'chipinda chamdima potsuka zithunzi. Pamene tikufuna pawale tinkatchinga kuwala ndi kapepala ka pa waya, pamene tikufuna pade tinkapawonjezera nthawi. Tinkaganiza kaye tisanakhudze.

Wamasiwiti22: Ingogwiritsani Liquify pang'ono, sadziwa. Ine ndimatero.

Wojambula Wachete: Adzadziwa. Ine ndinakankha nsagwada ya kasitomala, osaona kuti felemu ya chitseko kumbuyo kwake yapindika limodzi. Anaona ndi mwana wake. Sanabwerenso, ndipo ananditayitsa makasitomala ena awiri.

Mayi wa Zodzoladzola: Uyo anafunika kumupaka kontuwa asanajambulidwe. Muzititenga ife popita kojambula, mavuto ngati amenewa sangakupezeni.

Chemwali wa Retachi: Achimwene, simunatiuze zinthu ziwiri zofunika. Burashi yanu ili pa Flow yanji, ndipo mukupaka pa leya iti? Chinanso, kuwala pa chithunzicho kukuchokera mbali iti? Yang'anani kadontho kowala m'maso mwake, kakuuzani.

Wakale pa Kamera: Mwaona? Funso la kuwala lomwelo. Ndanena kale ine.

Wobisa dzina: Pepani achemwali. Ndagwiritsa ntchito Dodge Tool ndi Burn Tool pa chithunzi chenichenicho, Exposure ili pa 50%. Kuwala kunkachokera pa windo, kumanzere kwa chithunzi. Ndadetsa masaya onse awiri mofanana kuti zilingane.

Chemwali wa Retachi: Basi, matenda apezeka. Exposure ya 50% ndi yaikulu kwambiri pa nkhope, kupaka kamodzi kokha kwasiya kale chipsera, ndipo poti mwapaka pa chithunzi chenichenicho simungachepetse pambuyo pake. Tsegulani fayilo yoyamba muyambirenso.

Pangani leya ziwiri za Curves. Pa yoyamba kwezani pakati pa mzere pang'ono kuti chithunzi chiwale, pa yachiwiri tsitsani kuti chide. Dinani masiki ya iliyonse, kenako Ctrl+I, isanduke yakuda. Chithunzi chibwerera mmene chinalili. Tsopano tengani burashi yoyera, Hardness 0, Opacity 100, koma Flow ikhale 1 kapena 2%. Mukapaka kamodzi simuona kanthu, ndipo n'zimene tikufuna. Mthunzi uzikula pang'onopang'ono mukamadutsa kangapo. Mukapyola muyeso, dinani X burashi ikhale yakuda, mufufute.

Koma vuto lanu lalikulu ndi kulinganiza masaya kuja. Windo lili kumanzere, ndiye tsaya lakumanzere ndi lowala, lakumanja lili kale mu mthunzi. Mukaika mdima wofanana pa tsaya limene layang'ana windo, diso la woona limadziwa kuti pamenepo sipangakhale mthunzi wotero, ndiye limauona ngati litsiro kapena bala. Mbali ya windo muzigwira ntchito ndi kuwala: walitsani pamwamba pa fupa la tsaya, kuyambira pansi pa ngodya yakunja ya diso kupita cha ku khutu, ndipo m'munsi mwake mungodutsa kawiri kapena katatu. Mbali ya mthunzi ndi kumene mungazamitse, potsatira mthunzi umene ulipo kale. Uyambire pafupi ndi khutu, uzitsika molunjika ku ngodya ya pakamwa, koma uzizimirira pofika pansi pa diso. Ukafika pakamwa penipeni munthu amaoneka wodwala.

Wakale pa Kamera: Zonsezi ntchito ya ola lathunthu. Kusuntha nyale ndi masekondi khumi!

Wojambula Wachete: Akulu, chithunzi chajambulidwa kale, kasitomala akudikira. Tiwathandize ndi chimene ali nacho.

Wakale pa Kamera: Amuitanenso adzajambule kachiwiri. Kodi n'zochititsa manyazi?

Mnyamata wa Leya: Ine Curves ziwiri ndimaona ngati kudzivutitsa. Ctrl+Shift+N, Mode musankhe Soft Light, muchonge kabokosi ka 50% gray, kenako muzipaka zoyera ndi zakuda pa leya imodzi. Ndipo njira imeneyi sisintha mtundu wa khungu ngakhale pang'ono.

Chemwali wa Retachi: Njirayo imagwira, ineyo ndimaigwiritsa ntchito ndikakhala pachangu. Koma zoti sisintha mtundu si zoona. Pa khungu lakuda mukadetsa, malowo amatha kufiirira, mukawalitsa kwambiri amatuwa. Ubwino wa Curves ndi wakuti mutha kusintha leya yodetsa kukhala Luminosity, kufiirako n'kuchepa, osakhudza yowalitsa. Pamene patuwa, bwezani kuwalako kaye musanaganize zowonjezera mtundu.

Za nsagwada ndinaiwala. Musadetse pa nsagwada penipeni, mayiyo angaoneke ngati ali ndi ndevu. Detsani pa khosi, pansi penipeni pa chibwano, mthunziwo uzichepa mukamatsika. Burashi ikhale yaing'ono pafupi ndi m'mphepete kuti mdima usakwere pa nkhope. Nsagwada imaoneka chifukwa cha kusiyana kwake ndi khosi.

Wosatchuka: Laputopu ikatentha muzipukuta fani. Yanga inafa chonchi.

Wobisa dzina: Ndayambiranso ndi Flow 2%. Makala aja achoka, zikomo kwambiri achemwali. Koma ndikaonetsa chithunzi chonse, nkhope ikuonekabe yaikulu mofanana ndi poyamba. Kumbuyo kwake kuli khoma loyera.

Chemwali wa Retachi: Pamenepo ndiye malire ake. Kuwala kumasintha mmene mkati mwa nkhope mukuonekera, koma mphepete mwa nkhope pamakhala pomwepo, ndipo khoma loyera limapaonetsa poyera. Musaonjezere mdima pofuna kulimbana nazo. Ikani leya ya Black & White pamwamba kwa kanthawi, muchepetse chithunzi chikhale ngati cha pa foni. Mukaona mizere m'malo mwa mthunzi wosalala, mwapyola. Ikani leya ziwiri za Curves zija mu gulu limodzi, muzizimitsa ndi kuyatsa, ndipo ine nthawi zambiri ndimatsitsa Opacity ya gululo kufika cha pa 70. Mayiyo mumuuze zoona za pamene mungafike.

Mnyamata wa Leya: Angadetsenso khomalo pang'ono mbali ya mthunzi, mphepetemo musaonekere kwambiri.

Wakale pa Kamera: Khoma loyera, windo limodzi, osamutembenuza ngakhale pang'ono. Akanatembenuza nkhope cha ku windo, mbali yaikulu yoyang'ana kamera ikanakhala mu mthunzi, nkhope n'kuoneka yochepa yokha. Muitaneninso, ndikukuuzani.

Wobisa dzina: Ndimutumizira ichi kaye madzulo ano. Za khomalo, ndidetse pa leya yomweyo ya Curves kapena ndipange ina?