Ndilembe bwanji kalata yopempha kope lotsimikizika la satifiketi ya imfa ya malemu bambo?

Mwana woyamba wa malemu:
Abale anga a pa gulu lino, ndithandizeni nzeru. Bambo anamwalirira m'chipatala chaka chatha, osasiya wilo. Anasiya nyumba, ndalama ku banki ndi penshoni ya kuntchito. Imfa yawo inalembetsedwa ndithu ndipo satifiketi inatuluka, koma anaitenga ndi abambo aang'ono, amene pano akuti sakudziwa kumene anaiika. Ine ndili ndi chithunzi chake chokha cha pafoni, chosaoneka bwino m'munsi. Kukhoti anena kuti sangayambe za chuma cha masiye popanda kope lotsimikizika, ndipo ku ofesi ya kaundula andiuza kuti ndilembe kalata kwa a Rejisitala. M'kalatamo ndilembemo chiyani? Ndifotokoze za kusamvana kwa pabanja? Chinanso chikundidetsa nkhawa: pa chithunzicho dzina la mtundu la bambo lili ndi L, pomwe pa chiphaso chawo ndi ku banki lili ndi R.

Bambo wa pasukulu:
Pepani ndi zovuta mayi. Bwanji osangopita kuchipatala komwe anamwalirirako? Mafayilo amasunga, akupatsani ina.

Mwana woyamba wa malemu:
Zikomo bambo. Pepala la kuchipatala ndili nalo kale, lija adokotala analembapo chimene chinawapha. Kukhoti analiyang'ana n'kundibwezera, akuti si limenelo.

Mnyamata wa akaunti:
Achemwali musavutike ndi makalata. Sindikizani chithunzi chili pafonicho, mupite nacho kwa loya kapena kwa aliyense wolumbiritsa anthu, adindapo chidindo. Kope lotsimikizika ndi limenelo basi. Ine ndinachita choncho pa maliro a agogo ndipo ku banki analandira.

Kalaliki wopuma:
Mwana wanga wa akauntiwe, zimene unachita zinatheka chifukwa unali ndi satifiketi yeniyeni m'manja. Wolumbiritsa akamadinda pa fotokope amakhala akunena kuti waona pepala lenileni ndi maso ake ndipo fotokopeyo ikufanana nalo. Mayiwa alibe pepala lenilenilo. Wolumbiritsa wosamala sangadinde pa chithunzi cha pafoni, ndipo akapezeka wina wodinda, mayiwa ndi amene adzavutike tsiku limene wachibale adzafunse kukhoti kuti pepalali linachokera kuti.

Chimene akufuna mayiwa ndi china. Imfa ikalembetsedwa imalowa m'kaundula, ndipo satifiketi imene banja limalandira imangokopera zimene zili m'kaundulamo. Ikatayika, kaundula amakhala akadalipo. Ndiye a Rejisitala amatha kutulutsa kope lina kuchokera m'buku lawo, n'kusainapo ndi kudindapo chidindo cha ofesi. Pamenepo abambo aang'ono sakufunikanso. Pepala la kuchipatala lija ndi limene linagwiritsidwa ntchito polembetsa imfayo, koma palokha si satifiketi.

Mayi, ine ndinagwira ntchito zaka zambiri mu ofesi ya maloya, ndipo makalata otere ndawalemba ambiri. Wowerenga kalata yanu ali ndi mafunso atatu okha m'mutu: ndifufuze dzina liti m'kaundula, wopemphayu ndi ndani kwa malemu, ndipo akufuna makope angati a ntchito yanji. Lembani chonchi:

*Kwa a Rejisitala, ofesi yolembetsa imfa*

*PEMPHO LA KOPE LOTSIMIKIZIKA LA SATIFIKETI YA IMFA YA MALEMU (dzina lonse monga lili pa satifiketi)*

*Ine (dzina lanu lonse), mwana wobadwa wa malemu, mwini chiphaso nambala (nambala yanu), ndikupempha makope atatu otsimikizika a satifiketi ya imfa ya bambo anga.*

*Malemuwa anabadwa pa (tsiku), anamwalira pa (tsiku) ku (dzina la chipatala ndi dera), ndipo nambala ya chiphaso chawo inali (nambala). Imfayi inalembetsedwa ku ofesi yanu pa (tsiku kapena mwezi ndi chaka), pa nambala (nambala ya pa satifiketi).*

*Satifiketi imene inaperekedwa poyamba sindingathe kuipeza. Makopewa akufunika kukhoti, ku banki ndi ku penshoni pa nkhani ya chuma cha masiye.*

*Ndaphatikiza fotokope ya chiphaso changa, ya chiphaso cha malemu, ya pepala la kuchipatala, ya satifiketi yanga yobadwira, ndi chithunzi cha satifiketi yoyamba. Ndili wokonzeka kulipira ndalama zofunika ndipo ndidzabwera kudzatenga ndekha. Mundipeze pa (foni ndi keyala).*

*Ine wanu, (siginecha, dzina, tsiku)*

Chithunzi cha pafonicho musachipeputse. Chikulitseni muone nambala ya kalembera, kawirikawiri imakhala chakumtunda. Kalaliki akakhala ndi nambalayo amangopita pa tsamba lake. Akakhala ndi dzina lokha amafufuza mwa anthu ambiri a mayina ofanana, ndipo ndi pamene mumayamba kumva zoti mubwerenso sabata yamawa.

Za abambo aang'ono musalembemo. A Rejisitala saweruza milandu ya pabanja, ndipo kalata yanu imasungidwa m'fayilo momwe ingadzawerengedwe ndi ena. Komanso musalembe kuti "inatayika" ngati simukudziwa kuti inatayikadi. Nenani zoona zokha, kuti simungathe kuipeza.

Mwana woyamba wa malemu:
Mulungu akudalitseni bambo. Nambala ikuoneka ndithu, manambala awiri omaliza okha ndi amene afufutika. Nanga makope atatu si ambiri? Ndimaganiza kuti limodzi likwana, ena ndizingopanga fotokope.

Kalaliki wopuma:
Lembani nambala imene ikuonekayo, munene kuti awiri omaliza sakuwerengeka. Musalote manambala, chifukwa mukaphonya adzakutulutsirani tsamba la munthu wina kapena kunena kuti palibe.

Za makope, la kukhoti limalowa m'fayilo ndipo musayembekezere kuti libwerera msanga. Mabanki ena ndi a penshoni amangoona n'kupanga fotokope yawo, ena amasunga. Mukakhala ndi limodzi, likakhala kukhoti zina zonse zimaima. Ngati ndalama zikuvuta tengani awiri, limodzi likhale losachoka m'manja mwanu. Kuchokera ku limenelo ndi kumene mungapange mafotokope okadinditsa kwa wolumbiritsa, monga ananenera mnyamata uja.

Popereka kalatayo tengani ziwiri zofanana. Imodzi akudindireni chidindo cha tsiku limene alandira, mubwerere nayo pamodzi ndi lisiti. Funsaninso ngati ali ndi fomu yawo, chifukwa maofesi ambiri amafuna fomu yodzazidwa ndipo kalata imangoiperekeza.

Mayi wamasiye:
Ndikuwerenga izi misozi ili m'maso. Amuna anga anamwalirira kunyumba usiku, sitinafike nawo kuchipatala. Ndinalemba kalata ngati yomweyi, yankho linabwera loti dzina lawo mulibe m'kaundula. Ndiye kuti ine zanga zathera pomwepo?

Kalaliki wopuma:
Ayi mayi, sizinathe, kungoti pempho lanu ndi lina. Kope limachokera pa chinthu chimene chinalembedwa kale. Kwa inu imfayo sinalembetsedwe, ndiye mupemphe kulembetsa imfa mochedwa. Amafuna umboni woti munthuyo anamwaliradi, tsiku ndi malo ake: kalata ya akuluakulu a dera limene anamwalirira kapena kuikidwa, mawu olumbira a anthu amene analipo, ndi chiphaso cha malemu. Mndandanda weniweni umasiyana malinga ndi malamulo a kumene muli, choncho kafunseni pa ofesi pomwepo, akulembereni papepala. Yambani pano mboni zikadali ndi moyo ndipo zikukumbukira tsiku.

Namwino:
Palibe amene wayankha za L ndi R, koma kwa ine ndi pamene pagona nkhani. Ndikhulupirira cholakwikacho chinayambira pa pepala la kuchipatala. Timalemba dzina monga watiuzira wodikirira wodwala, pakamwa, nthawi zina pakati pa usiku. Achemwali yang'anani pepala lanulo. Ngati palinso L, ndiye kuti ndi mmene zinalowera m'kaundula, ndipo kope lililonse limene angakupatseni lidzatuluka ndi L yemweyo. Ine ndikuti musawononge ndalama pa makope atatu olakwika. Pemphani kaye akonze dzina.

Mwana woyamba wa malemu:
Ndayang'ana achemwali. Palidi L.

Kalaliki wopuma:
Anamwino anena zoona kuti kope silikonza kanthu, limangobwereza zimene zili m'buku. N'chifukwa chake pa mutu wa kalata mulembe dzina la L, monga lili m'kaundula, apo ayi salipeza. Pansi pake muwonjezere chiganizo chimodzi: "Pa chiphaso cha malemu dzinali linalembedwa ndi R, ndipo nambala ya chiphaso ndi yomweyo."

Pamene ndikusiyana nawo ndi pa kudikira. Kukonza kaundula ndi pempho lapadera, limafuna umboni ndi mawu olumbira, ndipo limatenga nthawi kuposa kutulutsa kope. Ine ndikanatenga kope limodzi la L pano, n'kulumbira kalata yonena kuti mayina awiriwa ndi a munthu mmodzi, n'kuyamba nazo kukhoti, uku pempho lokonza likuyenda. Musaiwale kuti satifiketi yoyamba ili kwa munthu wina, amene angathe kufika nayo kukhoti inu musanafike.

Namwino:
Kukhoti mwina avomera bambo, koma ku banki? Mlamu wanga anam'bweza pa chilembo chimodzi chomwechi, kalata yolumbira ali nayo m'manja. Ndipo kalata ya khoti ikatuluka ndi dzina la L, si ndiye kuti cholakwika chalowa m'mapepala awiri?

Kalaliki wopuma:
Khoti limatha kulemba mayina onse awiri, kuti uje wodziwikanso kuti uje, ngati mwapempha pachiyambi. Koma za banki sindikutsutsani, mabanki amasiyana. Mayi, kafunseni ku nthambi imene kuli akauntiyo musanasankhe.

Mnyamata wa akaunti:
Chabwino bambo ndamva. Koma satifiketi ikangotuluka ndalama azitenga eti? Ndi mwana woyamba.

Kalaliki wopuma:
Ayi. Satifiketi imangotsimikiza kuti munthu anamwalira, sinena kuti chuma chipite kwa yani. Poti panalibe wilo, khoti ndi limene limapereka kalata yoyendetsera chuma cha masiye, ndipo amene waipatsidwa amagawa motsatira lamulo kwa onse oyenera kulandira, osati kwa iye yekha. Chimene mungachite pano mayi ndi kudziwitsa banki ndi a penshoni mwa kalata kuti mwini wake anamwalira, kuti pasatuluke ndalama nkhaniyi ili mkati.

Mwana woyamba wa malemu:
Zikomo nonse. Mawa ndiyambira ku banki kukafunsa za dzinalo ndi kusiya kalata yowadziwitsa, kenako ndipita ku kaundula ndi makalata awiri, yopempha kope limodzi ndi yopempha kukonza dzina. Funso lomaliza: satifiketi yanga yobadwira ndilibe, ndipo dzina langa linasintha nditakwatiwa. Ndi pepala liti lina limene angalandire losonyeza kuti ndine mwana wa malemu? Alipo amene zinamuchitikirapo?