Sikini ya mwana mu Minecraft yada bii nditaikonza pa laputopu, ndalakwitsa pati?

Bambo a Chiko, Mufakose

Abale a pa gulu, ndithandizeni chifukwa kunyumba kuno mwana sakundiyankhula. Ali ndi zaka 11, amasewera Minecraft pa foni ya mayi ake, ndipo wakhala akundivutitsa kuti kamunthu kake ka mu gemu kavale jezi. Iye ankafuna yabuluu ya Dynamos poti anabadwira kuno ku Harare, ine ndinati ayi, ayambe wavala yofiira ya Flames adziwe kwawo.

Iye anatulutsa sikini yake, kachithunzi kamene kamapatsa kamunthuko maonekedwe, ku kapulogalamu kena ka pa foni, n'kunditumizira pa macheza ngati chithunzi. Ine ndinatsegula mu GIMP, pulogalamu yokonzera zithunzi, pa laputopu. Kanali kakang'ono ngati chikhadabo, ndiye ndinakakulitsa mpaka 640x640 kuti ndizitha kuona. Ndinapaka pachifuwa pofiira, kumsana ndinalemba 10, kenako n'kukachepetsanso kufika 64x64, kusunga ngati PNG, kuika pa foni ndi chingwe. Gemu sinakane, yalandira bwinobwino. Koma kamunthu katuluka kakuda bii ngati makala, kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Nkhope palibe, jezi palibe. Ukakayang'anitsitsa kakuoneka ngati kanenepa pang'ono. Ndikatsegula chithunzicho pa laputopu jezi ilipo, nkhope ilipo. Ndiye yapita kuti?

Yoha wa ku Mbare

Gemu yanuyo munaigula kapena anakuikirani anyamata a m'tauni? Zoikiridwazo zimavuta. Fufutani muikenso.

Bambo a Chiko, Mufakose

Ndi yogula achimwene, ndipo sikini yakale ikugwirabe ntchito. Yavuta ndi yanga yokhayi.

Nabanda, Highfield

Musafufute kanthu bambo, gemu ilibe mlandu. Ndifunse kaye ziwiri. Chithunzi chimene munalandira pa macheza, dzina lake limathera .png kapena .jpg? Nanga mutachitsegula mu GIMP, malo opanda chojambula ankaoneka bwanji, timabokosi totuwa ngati bolodi ya draft, kapena kuda kokhakokha?

Bambo a Chiko, Mufakose

Ndaona, ndi .jpg. Ndipo kunali kwakuda. Ine ndimayesa ndi mmene zimakhalira.

Nabanda, Highfield

Basi nkhani ndi imeneyo, sikini inaonongeka musanaigwire n'komwe.

Kachithunzi ka 64x64 kaja kali ngati nsalu imene telala wadula koma sanasoke. Malo alionse ali ndi ntchito yake, ndipo gemu imangotenga chimene yapeza pamalopo n'kumata pa thupi. Nkhope mwachitsanzo ndi kabokosi ka mapikiselo 8 m'lifupi ndi 8 m'litali, koyambira pa x=8, y=8. Chifuwa chimayambira pa x=20, y=20, ndipo ndi 8 m'lifupi, 12 m'litali. Koma kamunthu kameneka kali ndi zikopa ziwiri. Chamkati ndi thupi lenileni. Chakunja chimayandama pang'ono pamwamba pake, ndi cha zipewa, majekete, tsitsi lotukuka ndi zina zotero. Kamunthu kosavala zimenezi, malo a chikopa chakunja amayenera kukhala opanda utoto uliwonse, oonekera ngati galasi.

PNG imatha kusunga kuti pikiselo iyi ndi yoonekera. JPG siitha. Ndiye mukatumiza pa macheza ngati chithunzi wamba, pulogalamu imachifinya n'kuchisandutsa JPG, ndipo malo oonekera onse amadzazidwa ndi utoto umodzi, kwa inu wakuda, kwa ena umatuluka woyera. Kusunganso ngati PNG pambuyo pake sikubweza kanthu, kumangosunga kuda komweko. Gemu yawerenga kuti mwana wavala chipewa chakuda chophimba mutu wonse, jekete lakuda, buluku lakuda. Jezi yanu ilipo, ili mkati mwa thumba. Kunenepa mwaonako ndi chikopa chakunjacho.

Njira yachidule: mwana atumizenso fayilo yoyamba ija, koma asankhe Document osati chithunzi, kapena mungokopera ndi chingwe chomwecho. Kenako mupakenso jezi pa imeneyo.

Madalitso K.

Palibe chifukwa choyambiranso. Mu GIMP pitani pa Colors > Color to Alpha, sankhani wakuda, dinani OK. Kuda konse kuchoka nthawi imodzi. Ine ndimatero pa malogo a makasitomala.

Nabanda, Highfield

Pa logo zimatheka achimwene, apa ayi. Chidacho sichidziwa kuti uku ndi kuda kwa malo opanda kanthu, uku ndi tsitsi. Chichotsa tsitsi, maso, nsapato. Komanso chimachotsa kuda kumene kuli mkati mwa mitundu ina, ndiye khungu lofiirira la kamunthu lisanduka loonekera theka. Mukhala mwathetsa vuto limodzi n'kubala atatu.

Madalitso K.

Pa tsitsi mwanena zoona, sindinaganizire. Komabe atha kuyamba asankha malo okhawo asanadine.

Bambo a Chiko, Mufakose

Vuto lina ndi ili. Mwana akuti fayilo yoyamba anaifufuta limodzi ndi kapulogalamu kaja chifukwa foni inadzaza, mayi ake anakalipa. Imene yatsala ndi yakudayi basi.

Nabanda, Highfield

Zitheka, bola mwana sanali ndi chipewa kapena jekete limene akulifuna, chifukwa zimenezo zipita nawo. A Madalitso akhoza pa zosankha malo, kungoti mukasankha mungofufutiratu.

Yambani ndi Layer > Transparency > Add Alpha Channel. Mukaiwala ichi, kufufuta kumangopaka utoto wina m'malo moboola. Chizindikiro chake, dzina la leya kumanja kuja likakhala la zilembo zonenepa ndiye kuti simunachite. Kenako tengani Rectangle Select, musajambule ndi dzanja lonjenjemera, kokani kabokosi kalikonse n'kulemba manambala pa Position ndi Size. Malo ake ndi anayi:

```
Position 32,0    Size 32x16
Position 0,32    Size 56x16
Position 0,48    Size 16x16
Position 48,48   Size 16x16
```

Loyamba ndi chipewa. Lachiwiri ndi mzere wonse wa jekete, mwendo wamanja ndi mkono wamanja. Awiri omalizawo ndi mwendo ndi mkono wamanzere. Pa lililonse dinani Delete, muone timabokosi totuwa tija tikutulukira. Mukatha, File > Export As, dzina lithere .png. Kuda kotsala m'makona ena kusakudetseni nkhawa, gemu siwerenga malo amenewo.

Gogo Phiri wa ku Dzivarasekwa

Ine ndaona mutu wakuti mwana wada bii, mtima unachita kudumpha, ndimati ndi matenda a pakhungu. Kani ndi zidole za mu foni. Pepani, pitirizani.

Bambo a Chiko, Mufakose

Agogo mwatiseketsa, mwana ali bwino, kungoti wakwiya. Magetsi akabwera usiku ndiyesa, laputopu yanga batire inafa kalekale.

Tiya

Podikira magetsi ndifunse langa. Mchimwene wanga ali ndi sikini yakale ya 64x32. Ndinamujambulira wotchi pa mkono umodzi, mu gemu yatuluka pa mikono yonse iwiri. Ndi vuto lomweli?

Nabanda, Highfield

Ayi, lanulo ndi lina. Mtundu wakale wa 64x32 uli ndi mkono umodzi ndi mwendo umodzi basi, gemu imatembenuza womwewo n'kuika mbali inayo. Mkono wamanzere unapeza malo akeake pamene 64x64 inabwera mu 2014, pa Minecraft 1.8. Muyenera kukulitsa pepala ndi Image > Canvas Size kufika 64x64, osati Scale Image, ndipo pa Resize layers musankhe All layers, kenako mujambule mkono wamanzere pa x=32, y=48 ndi mwendo wamanzere pa x=16, y=48. Ndi kantchito ndithu.

Bambo a Chiko, Mufakose

Abale, zatheka! Magetsi anabwera cha m'ma 11, ndinachita momwe mayi Nabanda ananenera, m'mawa uno mwana waona nkhope yake ndi jezi yofiira, wayambanso kundipatsa moni. Ndinalowa pa Dressing Room, Classic Skins, n'kusankha fayilo. Koma zatsala ziwiri. Kuseri kwa mikono kuli mzere wakuda wochokera paphewa mpaka kudzanja, ndipo malaya a mkono akuoneka ngati apotoka. Chachiwiri, 10 uja sakuwerengeka, wangokhala chibanga chapinki, ndipo kufiira kwadontheza m'mbali mpaka m'khwapa.

Yoha wa ku Mbare

Kumsana manambala amatuluka chagada, muyenera kulemba motembenuza.

Nabanda, Highfield

Satuluka chagada achimwene, msana umalembedwa momwe umawerengekera ukaima kumbuyo kwa kamunthu.

Za mikono bambo, mutasankha fayilo gemu inakuonetsani timunthu tiwiri kuti musankhepo. Kamodzi kali ndi mikono ya mapikiselo 4 ngati Steve, kena ya mapikiselo 3 ngati Alex. Chithunzi ndi 64x64 konsekonse, koma mkono wowonda umatenga malo ochepa: pozungulira mkono wonse ndi mapikiselo 14 pamene wonenepa ndi 16. Sikini ya mwana inajambulidwira wowonda, inu mwasankha wonenepa, ndiye gemu ikuwerenga mizere iwiri imene palibe anajambulapo, ndipo mbali zina zonse zasuntha. Mutha kutsimikiza nokha. Yang'anani pa x=54 ndi x=55, kuyambira y=20 kutsika mpaka 31. Ngati pali pakuda popanda kanthu, ndi ya mikono yowonda. Ikaninso fayilo yomweyo musankhe kamunthu kenako, osajambula chilichonse.

Za nambala, apa ndiye dzanja lanu. Pochepetsa kuchoka 640 kufika 64, mapikiselo 100 aliwonse anasakanizidwa kukhala imodzi, ndipo GIMP inasakaniza ngati phala. Choyera ndi chofiira zabala pinki, ndipo m'malire a chifuwa kufiira kwalowerera mbali yoyandikana nayo. Simunayenera kukulitsa chithunzi, mukanangoyandikitsa maso ndi View > Zoom mpaka 1600%, fayilo n'kukhalabe 64x64. Mukakakamizika kukulitsa, pa Interpolation sankhani None popita ndi pobwera pomwe. Pojambula gwiritsani Pencil ya saizi 1, osati Paintbrush, chifukwa bulashi imasiya m'mphepete mofewa.

Msana umayambira pa x=32, y=20, ndipo m'lifupi muli mapikiselo 8 okha. Nambala imodzi yowerengeka imafuna 3 m'lifupi ndi 5 m'litali. Manambala awiri ndi mpata wa pikiselo imodzi pakati ndi 7, ndiye 10 akwana, kutsala mzere umodzi, sakhala pakati penipeni. Pakaninso msana wonse ndi kufiira kumodzi, n'kudontheza choyera pikiselo imodziimodzi. Muonenso khungu ndi tsitsi, JPG ija inasiya timadontho tosiyana mitundu, tina mufunika kupakanso.

Bambo a Chiko, Mufakose

Ndiye dzuwa la pa mbendera lija, ndimafuna likhale pachifuwa ndi cheza chake chonse?

Madalitso K.

Cheza 31 pa mapikiselo 8? Bambo khululukani. Ikani timadontho tinayi pansi, tiwiri pamwamba, mwana mumuuze kuti ndi dzuwa.

Bambo a Chiko, Mufakose

Mikono yakhala bwino, 10 akuwerengeka, dzuwa likuoneka ngati chitumbuwa koma talisiya. Tsopano mwana wabwera ndi dandaulo lina. Pa foni yake akuoneka ndi jezi, koma mnzake wa ku Kambuzuma akamasewera naye akuti akungoona kamunthu wamba.

Nabanda, Highfield

Mnzakeyo ayang'ane mu Settings ngati Only Allow Trusted Skins ndi yoyatsa. Ikakhala yoyatsa, masikini odzipangira a anthu ena saoneka kwa iye, ndipo woyenera kuzimitsa ndi iyeyo, osati mwana wanu.

Tiya

Kwathu tinazimitsa koma pa seva ina sizinasinthe, pa dziko lathulathu zimaoneka.

Bambo a Chiko, Mufakose

Ndamufunsa, akuti sakudziwa ngati ndi seva kapena dziko la mnzakeyo, amangodina Join. Loweruka mnyamatayo abwera kuno ndi foni yake, tiziika pa tebulo limodzi ndione ndekha.