Msilikali wanga akalozetsa mfuti miyendo ikuuma, ndithandizeni a Unity

Membala wosadzitchula dzina
Akuluakulu a pagulu pano, ndagwada. Ndikupanga gemu ya nkhondo mu Unity ndipo ndikufuna msilikali azithamanga uku akulozetsa mfuti. Kuthamanga ndaika pa Base Layer, kulozetsa ndaika pa leya yachiwiri, ndapanganso Avatar Mask n'kufiiritsa miyendo. Koma ndikangodina mbewa kuti aloze, miyendo ikuuma gwa, munthu n'kumangotsetsereka pansi. Mnzanga amene tinayamba naye ntchitoyi anandithawa, laputopu ndi yobwereka, magetsi akuzimazima, bandulo yatha ndi mavidiyo osandithandiza. Aphunzitsi akufuna kuona Lolemba. Ndalakwitsa pati?

Wa Mafulemu
Weight imeneyo achimwene. Leya yatsopano imabwera ili pa 0. Dinani kagiya ka pambali pa dzina la leya, muikokere pa 1.

Madala wa Mafupa
Ayi bwana, werenganinso funsolo. Weight ikanakhala pa 0, msilikaliyo akanangothamanga bwinobwino osakweza mfuti n'komwe. Apa miyendo ikuuma, kusonyeza kuti leya yachiwiri ikugwira ntchito, koma yalanda thupi lonse. Ndiye kuti masiki sakumveredwa. Zifukwa zake zimakhala ziwiri. Mwina mwapanga masiki koma simunawaike m'bokosi la Mask pa kagiyako. Apo ayi, mafupa a munthu wanu si a mtundu umene chithunzi cha m'masikicho chimalamulira. Inu wofunsa, mwatiuza za magetsi ndi za mnzanu, koma chofunika mwachisiya. Dinani fayilo ya msilikaliyo, pitani pa Rig, mutiuze zimene zalembedwa pa Animation Type.

Chemwali wa Unreal
N'chifukwa chake ena timakonda Unreal. Kumeneko mumangoika Layered blend per bone, kulemba `spine_01`, basi miyendo ili pa yokha, msana uli pa wokha.

Madala wa Mafupa
Achemwali, munthu ali ndi masiku owerengeka, mukuti ayambirenso pa injini ina? Tiyeni timuthandize pamene ali.

Membala wosadzitchula dzina
Masiki ndinawaika m'bokosimo madala. Pa Animation Type palembedwa Generic. Munthuyo ndi makilipu ake ndinatenga pa Mixamo.

Madala wa Mafupa
Vuto ndi limenelo. Mukatsegula Avatar Mask muona zigawo ziwiri, Humanoid ndi Transform. Chithunzi cha munthu chija, chimene mumadina mbali zake kuti zibiriwire kapena zifiire, chimagwira pa mafupa a Humanoid okha. Pa Generic mukhoza kufiiritsa miyendo mpaka kutopa, Unity sayang'anako.

Njira yachidule ndi kusintha zonse zikhale Humanoid. Pa fayilo ya msilikali sankhani Humanoid, pa Avatar Definition muike Create From This Model, mudine Apply. Kenako dinani Configure muonetsetse kuti mafupa onse akubiriwira ndipo munthuyo waima manja ali tambasu. Mukatero pitani pa fayilo ya kilipu iliyonse, yothamanga ndi yolozetsa yomwe, muisinthenso ikhale Humanoid, musankhe Copy From Other Avatar n'kuloza avata ya msilikali uja. Apa ndi pamene ambiri amagwera. Amasintha munthu yekha, makilipu n'kuwasiya pa Generic, kenako n'kumadabwa kuti bwanji munthu wakhwinyata osasuntha.

Pa masikiwo siyani mutu, chifuwa, mikono ndi zikhatho zili zobiriwira. Fiiritsani miyendo yonse iwiri, timadontho ta IK ta kumapazi, komanso kachithunzithunzi ka pansi pa mapazi. Kameneko musakaiwale, ndi kamene kamanyamula malo ndi kutembenuka kwa thupi lonse. Mukakasiya kobiriwira, kilipu yoima chilili idzalimbana ndi kuthamanga kwa pa Base Layer. Blending ikhale Override.

Wa Mafulemu
Komatu Generic si tchimo madala. Akhoza kukhalabe momwemo. Atsegule Transform, aike avata pa Use skeleton from, adine Import skeleton, kenako achotse chizindikiro pa chiuno ndi mafupa onse a miyendo, asiye kuyambira `mixamorig:Spine` kupita m'mwamba. Ndipo Generic imapepukira foni kuposa Humanoid.

Madala wa Mafupa
Zoona, zimatheka. Koma masiki otero amatsata maina a mafupa ndi mndandanda wake. Akabweretsa msilikali wina wa mafupa a maina ena, ayambiranso. Komanso ataya `OnAnimatorIK`, imene akhoza kuifuna posachedwapa.

Kamnyamata ka Blender
Kwa ine munthu akalozetsa mkono ukupindikira kumsana, thupi lonse kupotoka. Si vuto lomweli?

Madala wa Mafupa
Lanu ndi lina aise. Onani Blending, ndikuganiza kuti ili pa Additive. Additive salowa m'malo mwa kuthamanga, amaonjezera kupindika kwa mafupa pamwamba pa kupindika kumene kulipo kale. Imayenera tinthu ting'onoting'ono monga kupuma kapena kugwedezeka kwa mfuti ikalira. Kaimidwe kathunthu kolozetsa mfuti kamafuna Override.

Membala wosadzitchula dzina
Zatheka madala, miyendo ikuthamanga! Koma tsopano mfuti ikuloza chakumanzere m'malo moloza kutsogolo, ndiponso ikugwedezeka uku ndi uku akamathamanga. Komanso manja akungodumphira m'mwamba kamodzin'kamodzi ndikadina.

Wa Mafulemu
Za kudumphazo n'zosavuta. Musaike Weight kuchoka pa 0 kufika pa 1 pa fulemu imodzi. Ikani izi mu `Update`:

```csharp
float target = aiming ? 1f : 0f;
w = Mathf.MoveTowards(w, target, Time.deltaTime * 5f);
animator.SetLayerWeight(1, w);
```

`w` akhale kunja kwa `Update` kuti asamabwerere pa 0. Ndi 5 ameneyo manja amakwera m'masekondi 0.2. Nambala 1 ndi ya leya yachiwiri, chifukwa Base Layer ndi 0.

Madala wa Mafupa
Za kuloza kumbali ndiye nkhani yaikulu, ndipo masiki sangaithetse. Munthu wogwira mfuti yaitali saima chiuno chili kutsogolo. Amachitembenuzira kumanja, phewa lamanzere n'kutsogola, msana ndi mikono n'kubwezera mfuti kutsogolo. Inu mwadula chiuno cha kilipu imeneyo n'kuikapo chiuno cha wothamanga, chimene chimayang'ana kutsogolo. Msana ukubwezerabe monga kale, ndiye mfuti ikupitirira kumanzere. Kugwedezekako n'chimodzimodzi: msana ndi mwana wa chiuno, chiuno chikapendama pa sitepe iliyonse, zonse za pamwamba zimapendama nacho.

Mankhwala abwino ndi kusintha kilipu ya pansi. Pezani kuthamanga kwa munthu wonyamula mfuti kale, kwa gulu limodzi ndi kilipu yolozetsayo, kuti ziuno zigwirizane. Chotsalacho mukonze ndi Animation Rigging: ikani Rig Builder pa msilikali, Multi-Aim Constraint pa fupa la chifuwa, iloze kachinthu kamene mwakaika kutsogolo kwa kamera. Samalani Aim Axis, mukasankha yolakwika chifuwa chitembenukira kumbuyo.

Chemwali wa Unreal
Zonsezo kwathu ndi bokosi limodzi, Mesh Space Rotation Blend. Mukalichonga, msana susamala zimene chiuno chikuchita. Sindikunyoza, ndikungofuna adziwe kuti vutoli lili ndi dzina.

Wa Mafulemu
Kumuonjezera phukusi lina Lolemba lili pafupi ndi kumulemetsa madala. Achonge IK Pass pa leyayo, mu `OnAnimatorIK` aitane `SetLookAtWeight` ndi `SetLookAtPosition`. Nambala yachiwiri ya `SetLookAtWeight` ndi ya thupi, akaikweza chifuwa chitembenuka.

Madala wa Mafupa
Chitembenuka inde, koma chimene chimayang'anitsidwa pamenepo ndi nkhope, osati kamwa la mfuti. Mfuti ikakhala kuti yapatuka kale, ipatukabe.

Wa Mafulemu
Pa kamera ya kumbuyo kwa phewa ndani adzaone kusiyanako? Chipolopolo achiponye kuchokera pakati pa kamera, osati pa mfuti.

Membala wosadzitchula dzina
Ndiyamba ndi kusintha kilipu yothamanga, poti sizifuna kulemba kodi. Koma ndaonanso kuti dzanja lamanzere likusiya mfuti akamathamanga. Mfutiyo ndinaimangirira ku fupa la dzanja lamanja. Pamenepa ndiye nditani?