Nkhani yaifupi ya wotchi ya agogo: avale ndani pomaliza?

Anzanga olemba, ndithandizeni. Ndikulemba nkhani ya mawu 2,000 ya wotchi ya pamkono imene agogo aakazi anasiya. Akuilimbirana ndi atatu: mwana wawo woyamba, mdzukulu amene ankawadwazika, ndi mlongo wawo wa agogowo, amene akuti chuma cha malemu amagawa ndiye.

Wotchiyo ndi yopukusa, yopanda batire. Ikapukusidwa mokwanira imayenda pafupifupi tsiku limodzi ndi theka, kenako imaima. Choncho ndaika kuti pa tsiku lachitatu la maliro aipeza itaima, chifukwa amene ankaipukusa m'mawa uliwonse ndi mdzukuluyo, zala za agogo zitauma. Ena awiriwo sadziwa ngakhale mbali yopotolozera kachitsulo kake. Mwana woyambayo akakamiza kachitsuloko katalimba kale, mpaka kuononga sipuling'i ya m'kati.

Pavuta ndi apa. Umboni umenewu ukukomera mdzukuluyo kwambiri, moti wowerenga adziwiratu mathero nkhani isanafike pakati. Mkangano wotere sukoma ayi. Kodi mwana woyambayo ndimupatse chifukwa chotani chomveka? Ndaganiza zoti ndiye anaigula ndi malipiro ake oyamba, koma mwina zimenezi nzozolowereka.

Chinanso ndi lamba. Ndi wachikopa, ndipo bowo limene agogo ankamangirapo latanuka, chikopa chachita mzere wakuda. Mkono wokwana pa bowolo ukhale wa ndani? Kapena usakhale wa aliyense mwa atatuwo?