Kalata ya ahedi siikunena za domeni, ndiyambe kapena ndidikire?

Wa ku Ngabu: Anzanga thandizeni. Ahedi a CDSS ina kuno andilembera kalata yoti ndiwapangire webusayiti, ntchito yongodzipereka. Muli izi zokha: mbiri ya sukulu, zithunzi za ana zambiri, zotsatira za MSCE ndi mayina omwe, ithe usanafike msonkhano wa PTA. Za domeni, dzina la webusayiti pa intaneti, ndi hositing'i, malo osungirako webusayitiyo, palibe. Nditafunsa akuti lembetsani m'dzina lanu tidzakubwezerani. WordPress, pulogalamu yopangira webusayiti, ndiika tsiku limodzi, koma domeni ndi hositing'i chaka chamawa alipira ndani?

Mayi wa ICT, Nchalo: Achimwene, musalembetse m'dzina lanu. Kalatayo ibwerere, ahedi aonjezere kuti domeni ndi ya sukulu, pa imelo ya sukulu, ndipo pasiwedi asunga anthu awiri, wina wa mu komiti. Alembenso thumba lomwe muzichokera ndalama chaka ndi chaka. Ahedi amasamutsidwa, olowa m'malo adzakufunsani pepala. Hositing'i yakunja imafuna khadi lolipira madola, ndiye funani wa konkuno wolandira makwacha.

Mkulu wa ku Bangula: Atsegulireni peji ya Facebook basi. Makolo kuno ndi angati amatsegula webusayiti?

Wa ku Ngabu: Akuluakulu, ahedi akufuna mabungwe aziwapeza pa Google. Peji akana.

Mnyamata wa ma netiweki: Ine ndinapangira sukulu ina ku Nsanje, zonse zinali mu laputopu ya adepyute. Madzi a Freddy mu 2023 analowa mu ofesi, laputopu inafa, nambala yobwezeretsera pasiwedi inali ya mphunzitsi amene anachoka kalekale. Domeni inatha tikuona. Tengani .ac.mw, imeneyo siithawa.

Mayi wa ICT, Nchalo: Imathanso imeneyo mukapanda kulipira. Koma chandiopsa ine ndi mayina aja. Mwana amene walephera MSCE dzina lake likhale pa intaneti mpaka kale? Ikani chiwerengero cha olemba ndi okhoza, mayina ayi. Lamulo loteteza uthenga wa anthu linabwera mu 2024, ndipo zithunzi za ana zimafunika chilolezo cha makolo. Kalata inene amene atolere mafomu a chilolezocho, asakhale inu.

Mkulu wa ku Bangula: Ndi chifukwa chake ndikuti Facebook. Palibe kulipira, palibe domeni.

Mayi wa ICT, Nchalo: Bambo, chilolezo cha makolo chimafunika ngakhale pa Facebook.

Mnyamata wa ma netiweki: Zithunzi za pafoni zimafika 4MB chimodzi. Muike khumi patsamba loyamba ndi 40MB, bandulo ya kholo yatha tsamba lisanatseguke. Chepetsani chilichonse chifike cha m'ma 150KB, ndipo mukayesere pa foni yotsika mtengo kusukulu komweko, osati pa WiFi ya ku Blantyre.

Wa ku Ngabu: Nanga wosintha nkhani ine ndikachoka? Mphunzitsi wa kompyuta alibe.

Mkulu wa ku Bangula: Pa Facebook akalaliki a sukulu akhoza kumaika okha pa foni.