Kodi ndidulire pati masingula valiyu kuti yankho likhazikike?

Anzanga, ndithandizeni maganizo. Ndili ndi Ax = b, ndipo A ili ndi mizere 200 ndi makolamu 6. Masingula valiyu ake ndi awa: 12, 4.1, 0.9, 0.03, 2e-4 ndi 5e-9. Kondishoni nambala ikufika 2.4e9.

`numpy.linalg.matrix_rank` ikuti ranki ndi 6, chifukwa malire ake, σ₁ × 200 × 2.2e-16, ali cha m'ma 5e-13 basi. Koma b ndi zoyeza, ndipo phokoso lake ndi pafupifupi 1e-3. Phokosolo likagawidwa ndi 5e-9, x imafufuma mpaka 2e5, pomwe ndikuyembekezera manambala osapitirira 10.

```python
x = np.linalg.pinv(A, rcond=1e-4) @ b
```

Apa zotsala ndi zinayi, popeza malire ndi 1.2e-3. Rezidyuwo yakwera pang'ono chabe, x yakhala bwino.

Chikundivuta ndi 2e-4. Mpata waukulu uli pambuyo pake, choncho ranki ikuoneka ngati 5, koma kuisunga kukulowetsa cholakwika cha pafupifupi 5 mu x. Kodi nditsate mpatawo, kapena ndisiye pomwe |uᵢᵀb| yaleka kutsika n'kufanana ndi phokoso? Nanga makolamu ndiyambe ndawalinganiza kukula ndisanadule, poti kutero kumasintha masingula valiyuwo?